Karoselo Yolengeza Maoda a Yunifolomu: Lipoti la Shopu ya Matelala Awiri

Shopu yomwe lipoti ili likukamba ndi yaing'ono: matelala awiri, makina awiri osokera, ovaloko imodzi yomangira m'mphepete mwa nsalu kuti isasomphoke, ndi mtsikana mmodzi wothandizira kuika mabatani, kusita ndi kuyankha mauthenga pafoni. Manambala onse amene ali m'munsimu ndi achitsanzo, oyenerera shopu ya msinkhu umenewu. Amene ali ndi shopu yake aike ake, koma njira yowerengera ndi yomweyi.

Ntchito inali yolemba mawu a karoselo, kutanthauza zithunzi zotsatizana zimene munthu amakankha ndi chala pa Instagram, zolengeza kuti shopu yayamba kulandira maoda a yunifolomu teremu isanayambe. M'chitsanzo chathu sukulu zikutsegulira Lolemba pa 14 Sepitembala, ndipo positi ikutuluka Lolemba pa 3 Ogasiti, kutatsala masabata 6.

Vuto lenileni la shopuyi

Makasitomala a yunifolomu sasowa. Mwana aliyense wa pasukulu amakula, kabudula wa chaka chatha amathina, deresi limafupika. Chimene chimavuta ndi nthawi imene makolo amabwerera. Ambiri amafika sabata yomaliza, ena Loweruka lenilenilo loti mkuja sukulu, mwana ali pambalipa, nkumati: "Bambo, mungoyesetsa, mawa madzulo ndidzatenga." Telala akavomera, amasoka usiku wonse, kolala imapotoka, mabowo a mabatani salingana, ndipo kasitomala wina amene anabwera nthawi yabwino amapeza zovala zake zisanadulidwe n'komwe. Akakana, ndalama yapita kwina. Pamene zikutero, m'masabata oyambirira a tchuthi makina amakhala atangoti zii.

Choncho karoselo iyi sinalembedwe kuti ichulukitse maoda. Inalembedwa kuti maoda abwere msanga, abwere ndi zonse zofunika, ndipo asapyole mphamvu ya makina awiri aja. Mawu ena aliwonse amene sathandiza pa zitatuzi anachotsedwa, ngakhale anali okoma kumva.

Masamu asanalembedwe mawu

Tsiku lotseka maoda silichokera m'mutu. Limachokera pa tebulo lodulira, ndipo munthu wolemba karoselo ayenera kuyamba wakhala pansi ndi telala ndi kope la maoda.

Pa shopuyi shati ya manja aafupi imatenga ola limodzi ndi theka kuyambira kudula mpaka kusita. Kabudula amatenga ola limodzi, buluku maola awiri, deresi maola awiri, ndipo siketi ya mapinda imadya nthawi kuposa mmene imaonekera chifukwa pinda lililonse lifunika kuyezedwa ndi kusitidwa palokha. Tikaphatikiza zonse, seti imodzi ya mwana mmodzi imatenga pafupifupi maola atatu. Telala aliyense angakhale pa shopu maola 9, koma maola osokadi yunifolomu ndi 6, chifukwa ena onsewo amapita ku kuyeza ana, kukambirana ndi makolo, kusintha zipi ya munthu wodutsa ndi kuthamangira ulusi umene watha. Matelala awiri ndiye kuti maola 12 pa tsiku, maseti anayi.

Shopu imatsegula masiku 6 pa sabata, koma powerengera tinatenga masiku asanu okha. Tsiku lotsalalo ndi la zogwa mwadzidzidzi: magetsi azima, makina ayamba kudumpha ulusi, mmodzi wadwala. Maseti anayi kwa masiku asanu ndi maseti 20 pa sabata. Sabata yoyamba ndi yolandira maoda ndi kugula nsalu, ndipo yomaliza, ya pa 7 mpaka pa 12 Sepitembala, ndi yoyesa zovala, kukonza zothina ndi kupereka. Otsala pakati ndi masabata anayi osokera, ndiye maseti onse ndi 80.

Apa ndi pamene ambiri amaphonyera. Amalemba kuti "malo 80, tikutseka pa 29 Ogasiti" nkuganiza kuti zatha. Koma bwanji makolo 60 akabwera pa 28 ndi pa 29? Sabata yosokera yatsala imodzi, ndipo imanyamula maseti 20 okha. Malo amene sanadzaze m'sabata yachiwiri sasungika kuti adzagwire ntchito m'tsogolo. Tsiku limene makina akhala chete lapita basi. N'chifukwa chake nambala yoyenera kulengeza si 80 ayi, koma 20 pa sabata. Oda yolandiridwa sabata ino imasokedwa sabata yamawa, ndipo kholo limalonjezedwa masiku 14 kuchokera tsiku loyeza. Lonjezo limeneli limakwaniritsika kwa aliyense, ngakhale wobwera Loweruka pa 29 Ogasiti, amene tsiku lake limagwa pa 12 Sepitembala, bola malire a 20 asaphwanyidwe.

Zolemba zoyamba ndi pamene zinkatayikira

Mwini shopu anali atakonza kale masamba asanu. Loyamba linali chizindikiro cha shopu ndi moni kwa makasitomala okondedwa. Lachiwiri linkanena za luso ndi zaka zambiri pa ntchito. Lachitatu linali zithunzi 9 zazing'ono za zovala zosiyanasiyana, kuphatikizapo suti ya ukwati. Lachinayi linati "mitengo yabwino, tifunseni", ndipo lomaliza linati "odani msanga" pamodzi ndi nambala ya foni.

Palibe bodza m'menemo, koma kholo lowerenga silipeza poyambira. Mawu oti yunifolomu akuoneka koyamba pa tsamba lachitatu, pamene munthu woyendetsa chala pafoni amasankha kuima kapena kupitirira ataona loyamba lokha. "Msanga" si tsiku. Kwa kholo limene likudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, msanga ndi sabata yomaliza yomweyo. "Tifunseni" amasandutsa foni ya shopu kukhala ofesi yoyankha funso limodzi kambirimbiri, ndipo woyankhayo ndi yemwe uja amayenera kuika mabatani. Nambala yokhala pa tsamba lomaliza lokha imatayika munthu akajambula tsamba limodzi nkulitumiza ku gulu la makolo, zomwe zimachitika kawirikawiri kuposa kutumiza positi yonse.

Mawu amene anatsala, tsamba ndi tsamba

Instagram imalola zithunzi zofika 20 m'karoselo imodzi, koma nkhani iyi inakwana pa masamba 7. Tsamba lililonse likuyankha funso limodzi limene kholo likanafunsa litaima pakhomo pa shopu, ndipo mafunsowo akutsatana mmene amabwerera pakamwa.

Tsamba 1, pa chithunzi cha shati ndi kabudula zopachikidwa pa hang'ala:

"Yunifolomu za teremu ikubwerayi. Tikulandira maoda mpaka Loweruka pa 29 Ogasiti. Malo 20 okha sabata iliyonse."

Tsiku lalembedwa ndi dzina lake komanso deti, chifukwa anthu ambiri amakumbukira "Loweruka" kuposa "29", ndipo ziwirizo zikakhala pamodzi palibe kutsutsana. Chizindikiro cha shopu chinachepetsedwa nkutsikira pakona. Kumanja kuli kamuvi kakang'ono kosonyeza kuti pali masamba ena, poti si onse amaona timadontho ta pansi pa chithunzi.

Tsamba 2:

"Timasoka: shati, kabudula, buluku, siketi ya mapinda, deresi. Sitisoka: juzi, masokosi, tayi."

Mzere wachiwiriwo mwini shopu sanaufune poyamba, ankati kulengeza chimene suchita n'kudzichotsera msika. Unatsalabe, chifukwa kholo lofuna juzi likayenda ulendo wonse nkubwezedwa silibweranso ngakhale za shati. Pamwamba pa tsambali palinso mawu oti yunifolomu ndi tsiku lotseka, chifukwa nthawi zina Instagram imaonetsanso karoselo kwa munthu amene anaidumpha, kuyambira pa chithunzi chachiwiri. Tsamba lachiwiri liyenera kumveka ngakhale munthu sanaone loyamba.

Tsamba 3 ndi la mitengo. Ndi kamndandanda ka mizere isanu, chovala chilichonse ndi mitengo iwiri: wa ana aang'ono ndi wa ana aakulu, malire ake atalembedwa ndi muyeso wa pachifuwa osati zaka. Zaka zimanamiza, ana awiri a zaka 10 akhoza kusiyana nsalu ndi theka la mita. Pansi pake pali mzere umodzi: "Mitengoyi ikuphatikiza nsalu, ulusi, mabatani ndi zipi. Baji ya sukulu ndi yanu." Ngati shopu imalolanso kholo kubwera ndi nsalu yake, mtengo wosokera wokha ulembedwe pamzere wapadera, pamodzi ndi kuchuluka kwa nsalu yofunika: pa nsalu ya masentimita 150 m'lifupi, shati ya mwana wamng'ono imafuna mita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, kabudula osafika mita, deresi mita ndi theka mpaka mamita awiri. Kutchula m'lifupi n'kofunika, chifukwa pali nsalu zina zopapatiza za masentimita 112 kapena 115, ndipo mita imodzi ya nsalu yotereyi sikwana pamene ya 150 imakwana.

Tsamba 4:

"Mmene mungaodere. Choyamba, bwerani ndi mwana tidzamuyeze, sizidutsa mphindi 10. Chachiwiri, bwerani ndi yunifolomu yakale kapena kachidutswa ka nsalu yake. Chachitatu, lipirani theka. Oda imalowa m'kope mukalipira."

Chiganizo chomalizacho chikuteteza malo 20 aja. Popanda icho, mauthenga oti "tisungireni malo awiri" amadzaza sabata, nsalu nkugulidwa, anthu osabwera. Theka la mtengo nthawi zambiri limakwanira nsalu ndi zipangizo, choncho shopu sigulira kasitomala nsalu ndi ndalama yake.

Za kachidutswa ka nsalu n'zazikulu kuposa mmene zikuonekera. Buluu wakuda ali ndi mitundu yambirimbiri, ndipo chithunzi cha pafoni sichithandiza, chifukwa kamera imasintha mtundu malinga ndi kuwala, kenako sikirini ya foni ina nkuusinthanso. Nsalu ya dzina limodzi, ya sitolo imodzi, ikhoza kusiyana pang'ono pakati pa mpukutu ndi mpukutu chifukwa inanyikidwa pa nthawi zosiyana. Mwana akavala deresi lofiirira pang'ono pakati pa anzake, amaonekera patali, ndipo mlandu umagwera telala. Mankhwala ake ndi kugoneka kachidutswako pa mpukutu, panja pa kuwala kwa dzuwa, nsalu isanadulidwe, ndiponso kugula nsalu ya sukulu imodzi kamodzin'kamodzi. Mashati 20 a mita 1.2 iliyonse ndi mamita 24. Onjezerani atatu a zolakwika ndi kufupika pochapa, mugule 27 pa mpukutu womwewo.

Tsamba 5 ndi la miyeso, kwa amene sangathe kubwera ndi mwana. Ili ndilo linalembedwa kangapo, ndipo tilifotokoza palokha m'munsimu.

Tsamba 6:

"Mukayeza lero, mudzatenga pakatha masiku 14. Bwerani ndi mwana adzayese. Chothina kapena chokula tikonza ulere mpaka pa 12 Sepitembala."

Pansi pake pali masabata anayi olandira maoda ndi madeti ake: 3 mpaka 8, 10 mpaka 15, 17 mpaka 22, ndi 24 mpaka 29 Ogasiti. Pa sabata yoyamba ndi yachiwiri palembedwa kuti "kusokera dzina la mwana m'kati mwa kolala, ulere". Ichi ndi chokhacho chokopera anthu kubwera msanga, ndipo chinasankhidwa chifukwa chimadya mphindi zochepa pa nthawi imene shopu ili nazo zambiri. Kutsitsa mtengo kukanakopanso, koma yunifolomu ili kale ndi phindu lochepa, ndipo amene anamva za mtengo wotsika amadzaufunabe m'sabata yachinayi.

Tsamba 7:

"Tumizani uthenga pa WhatsApp: dzina la sukulu, kalasi, mnyamata kapena mtsikana, zovala zimene mukufuna. Tikupatsani tsiku loyeza."

Nambala yalembedwa ndi zilembo zazikulu, yogawidwa m'timagulu ta manambala atatu kapena anayi kuti munthu aikopere osasokoneza, ndipo pansi pali maola otsegulira ndi malo a shopu. Chochita ndi chimodzi chokha. Panalibe zoti imbani, kapena lembani ndemanga, kapena titsatireni, chifukwa oda yobwera m'makomo anayi imaiwalika m'khomo limene palibe akuyang'ana.

Tsamba la miyeso

Kuyeza mwana ku shopu ndiko kwabwino, ndipo karoselo ikunena choncho poyera. Koma alipo ana amene ali kutali pa tchuthi, ndipo makolo awo adzatumizabe manambala, kaya mwawaphunzitsa kaya ayi. Kuli bwino kuwaphunzitsa.

Tsambali lili ndi chojambula cha mwana ndi mizere isanu yokhala ndi manambala: mapewa kuchokera nsonga kufika nsonga kumbuyo, chifuwa kuzungulira pansi pa m'khwapa, chiuno, mbali yotakata ya m'munsi mwa chiuno, ndi kutalika. Mawu ake ndi awa:

"Yezani ndi tepi ya telala, mu masentimita. Mwana aime mowongoka, atavala chovala chopyapyala. Tepi ikhudze thupi, isafinye. Musawonjezere kalikonse, owonjezera ndife."

Zolakwika ziwiri ndi zimene zinabala mawu amenewa. Choyamba ndi mainchi ndi masentimita. Matepi ambiri ali ndi mainchi mbali ina, masentimita mbali ina, ndipo kholo limangowerenga mbali imene yayang'ana kumwamba. Uthenga ukabwera woti "chifuwa 26", telala amadziwa kuti ndi mainchi, pafupifupi masentimita 66, chifukwa palibe mwana wa sukulu wa chifuwa cha masentimita 26. Vuto limabwera manambala akasakanikirana mu uthenga umodzi: chifuwa mu mainchi, kutalika mu masentimita. Kutalika kwa 30 kukhoza kukhala kabudula wa mwana wamng'ono mu masentimita, kapena deresi mu mainchi. Choncho woyankha mauthenga asalembe m'kope nambala yopanda dzina la muyeso wake, ndipo ngati shopu inazolowera mainchi, tsambalo linene mainchi. Chofunika n'chakuti muyeso ukhale umodzi.

Cholakwika chachiwiri ndi kuwonjezera kawiri. Kholo lofuna kuti yunifolomu ikhalitse limayeza chifuwa 66 nkulemba 74. Telala, mwa ntchito yake, amawonjezera masentimita 8 mpaka 10 kuti shati ikhale yomasuka, ndiye mwana amalandira shati ya 84 yolendewera mapewa m'mikono. Kukula kwa mwana sikusungidwa m'mapewa kapena m'kolala, poti malo amenewa akakula chovala chimaoneka chobwereka ndipo kuwakonza n'kumasula shati yonse. Kumasungidwa mu mpendero wa masentimita 4 kapena 5 umene udzatsitsidwa pakati pa chaka, m'misoko ya m'mbali yosiyidwa yotakata, ndi mu lasitiki wa kumbuyo kwa chiuno. Zimenezi zinalowa m'mawu a pansi pa positi mwachidule: "Timasiya mpendero wautali kuti mwana akakula mudzangotsitsa." Kholo likadziwa kuti kukula kwaganiziridwa kale, limaleka kuwonjezera lokha.

Pomaliza penipeni pa tsambali pali mzere woti miyeso yotumizidwa pafoni ikalakwika, kukonza kumalipiridwa. Ndi mawu owuma, koma kukangana pa kauntala pa 11 Sepitembala n'kowawa kuposa pamenepa.

Zithunzi: ana ndi mabaji

Pa masamba onse 7 palibe nkhope ya mwana. Zovala zinajambulidwa pa hang'ala ndi pa tebulo, pafupi ndi zenera, m'mawa, zitasitidwa. Chithunzi cha mwana wa kasitomala atavala yunifolomu yokhala ndi baji chimauza dziko lonse nkhope yake ndi kumene amapezeka tsiku lililonse, ndipo sichiyenera kutuluka popanda chilolezo chomveka cha makolo ake. Chimene kholo logula likufuna kuona si kumwetulira kwa mwana wa eni, koma msoko. Choncho pa tsamba lachiwiri pali chithunzi chojambulidwa pafupi kwambiri cha pakamwa pa thumba la kabudula, pamene ulusi wabwerezedwa kangapo kuti lisang'ambike, ndi m'kati mwa shati motembenuza, kuonetsa m'mphepete modutsa pa ovaloko. Aliyense amene anasokapo thumba la mwana usiku wa Lamlungu amadziwa chimene akuona.

Za mayina a sukulu, funsani kaye. Sukulu zina zimagulitsa zokha baji, zina zili ndi wosoka mmodzi amene zinagwirizana naye, zina zimasintha mtundu kapena kasokedwe pa chiyambi cha chaka. Kulemba dzina la sukulu pa karoselo kumamveka ngati sukuluyo yakuvomerezani. Shopu iyi sinatchule sukulu iliyonse. Inangoti kholo libwere ndi chitsanzo.

Kukonza masambawo kuti awerengeke

Kukula kwa tsamba lililonse kunali mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1350 m'litali, komwe kumadzaza foni bwino kuposa chithunzi cha mbali zofanana. Onse akhale ofanana, chifukwa karoselo imatengera maonekedwe a chithunzi choyamba ndipo ena osiyana nacho akhoza kudulidwa. Mawu asafike m'mphepete. Siyani mapikiselo pafupifupi 100 mbali zonse. Mawu a tsamba limodzi akhale ochepa kupatula la mitengo ndi la miyeso, zilembo zakuda pa malo owala, osati pamwamba pa nsalu ya mizeremizere. Kuyesa kwake n'kosavuta: tumizani masambawo ku foni yaing'ono yakale imene ili pa shopu, muigwire dzanja litatambasuka, panja masana. Chimene chikufuna kutsinzinira diso limodzi chikulitsidwe kapena chichotsedwe.

Pansi pa tsamba lililonse pali kamzere kamodzi kosasintha: dzina la shopu, nambala, ndi "Kutseka 29 Ogasiti". Tsamba lililonse likayenda lokha m'magulu a makolo, limanyamula zonse zofunika.

Mawu a pansi pa positi amaoneka mizere yoyambirira yokha munthu asanadine kuti aone ena, choncho mzere woyamba ubwereze tsiku lotseka. Linki yolembedwa m'mawu amenewa pa Instagram sidinika. Malo ake ndi pa mbiri ya akaunti. Linki yotsegula WhatsApp mwachindunji, uthenga utayambidwa kale, imalembedwa chonchi:

```
https://wa.me/NAMBALA?text=Ndikufuna%20yunifolomu
```

Pa `NAMBALA` pamalowa nambala yonse yoyamba ndi khodi ya dziko, popanda chizindikiro cha `+`, popanda ziro wa kumayambiriro, popanda mipata. Ikalakwika pamenepa WhatsApp imakana nambalayo, ndiye iyeseni pa foni ya munthu wina musanalengeze.

Chinthu china choyenera kukumbukira: mawu a pansi pa positi amasinthika positi itatuluka, koma mawu olembedwa pa chithunzi sasinthika. N'chifukwa chake nambala ya malo otsala sinalembedwe pa tsamba lililonse. Imalembedwa m'mawu a pansi ndi pa Status ya WhatsApp, imene imafufutika yokha pakatha maola 24, ndipo ikhale yoona, yochokera m'kope. Kulemba "atsala atatu" kwa masabata awiri kumaphunzitsa makolo kuti malire anu ndi nthabwala. Madeti ndi mitengo ziwerengedwe ndi anthu awiri, kalendala ili m'manja, positi isanatuluke, poti deti lolakwika pa tsamba loyamba limafuna kuchotsa positi yonse, pamene zithunzi zake zayenda kale.

Masamba omwewa akaikidwa pa Facebook ngati zithunzi zingapo, kawirikawiri amaoneka ataunjikana m'timabokosi, oyambirira okha, ena odulidwa. Kumeneko ndi bwino kuika tsamba loyamba ndi la mitengo patsogolo nkulemba zonse m'mawu a positi. Pa Status, imene ndi yaitali ya 1080 ndi 1920, masamba 7 motsatizana amatopetsa; atatu akwana, loyamba, la mitengo ndi lomaliza.

Kudziwa ngati ikugwira

Manambala a mu Insights, gawo la Instagram loonetsa mmene positi ikuyendera, amathandiza pang'ono, makamaka a anthu amene asunga kapena kutumiza positi, koma umboni weniweni uli m'mauthenga ndi m'kope. Woyankha foni akhale ndi pepala lolembapo funso lililonse lobwera. Funso limodzi likabwera katatu, ndiye kuti tsamba lake silikumveka kapena palibe. "Mtengo wake ndi uti?" akusonyeza kuti tsamba lachitatu silikufikidwa kapena zilembo zachepa. "Nsalu ndi yanga kapena yanu?" akusonyeza kuti mzere wa pansi pa mitengo wabisika. Mauthenga ongoti "moni" opanda dzina la sukulu ndi kalasi akusonyeza kuti anthu akutenga nambala pa kamzere ka pansi osafika pa tsamba lomaliza, ndipo pamenepo yankho lokonzeratu lokhala ndi mafunso anayi aja limathetsa vutolo.

Loweruka loyamba madzulo, pa 8 Ogasiti, werengani maoda olipiridwa. Akakhala 20, bwino. Akakhala 8, malo 12 a sabata yosokera yoyamba atsala pang'ono kutayika, ndipo kudikira kuti positi iyende yokha sikuthandiza. Tsegulani kope la chaka chatha, mutumize tsamba loyamba ndi la mitengo kwa makolo amene anasoketsa kale, mmodzimmodzi, ndi mawu achidule: "Mayi, tayamba za yunifolomu. Mukabwera Lolemba kapena Lachiwiri, tisoka sabata yomweyi." M'sabata yotereyi lamulo lodikira sabata yamawa likhoza kumasuka, poti makina ali ndi mpata.

Zikakhala kuti malo adzaza msanga, wa nambala 21 asakanidwe, koma auzidwe zoona: ayezedwa lero, alowa m'gulu la sabata yotsatira, ndipo tsiku lotenga lisuntha ndi masiku 7, lilembedwe pa lisiti lake. Sabata yachinayi ikadzaza, palibenso gulu lina losunthirako. Pamenepo mzere woyamba wa mawu a pansi pa positi usinthidwe kukhala "Malo adzaza", ndipo tsamba limodzi lokonzedwa kale lituluke tsiku lomwelo: "Maoda a yunifolomu atsekedwa. Amene munaoda, masiku anu otengera sanasinthe. Maoda atsopano tidzayamba kuwasoka pa 14 Sepitembala." Tsamba limeneli lilembedwe pamodzi ndi 7 aja pa chiyambi, chifukwa m'sabata yachinayi palibe amene adzakhale ndi manja olikonzera.